Tsamba la kala kapena lotuwa: kusintha PDF musanapite kopulintitsa

Pamalo opulintitsira mapepala, funso loyamba limakhala lomwelomwe: "Ya kala kapena yakuda?" Yankho lake limasintha mtengo kwambiri, chifukwa tsamba la kala limakwera kuposa lakuda, nthawi zambiri kuwirikiza kangapo. Komatu ambiri amene amayankha kuti "yakuda" amakhala atanyamula pa fulashi fayilo ya PDF yodzaza ndi mitundu: kamzere kabuluu pamwamba pa tsamba lililonse, logo yasukulu, malinki abuluu, magalafu ofiira ndi obiriwira. Zimene zituluke m'makina, komanso ndalama zimene zituluke m'thumba, zimadalira amene wasankha mmene mitunduyo isinthidwire: mwini fayilo ali kunyumba, kapena makina a m'shopu.

Kusintha PDF yonse kuti ikhale yotuwa, kutanthauza yakuda, yoyera ndi maonekedwe onse a phulusa apakati pa ziwirizi, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Anthu amaichita pa zifukwa ziwiri: kuchepetsa mtengo wopulintitsa ndi kuchepetsa kulemera kwa fayilo. Chifukwa choyambacho n'chodalirika. Chachiwiricho chimatheka pa mafayilo ena okha, ndipo ambiri amakhumudwa nacho chifukwa sanayambe aona zimene zili m'kati mwa fayilo yawo.

Kumene ndalama zimalowera

Sikirini ya foni kapena kompyuta imapanga mitundu yonse posakaniza kuwala kwa mitundu itatu: kufiira, kubiriwira ndi buluu. Pulinta ya kala imagwira ntchito mosiyana. Imakhala ndi inki kapena tona ya mitundu inayi: buluu wowala, pinki, chikasu ndi yakuda, imene pa makinawo imalembedwa kuti C, M, Y ndi K. Tsamba la kala limadya mitundu inayi yonseyi, pamene tsamba lotuwa likhoza kutuluka ndi K yokha. Apa ndi pamene pamachokera kusiyana kwa mitengo.

Makina akuluakulu a m'maofesi ndi m'mashopu ali ndi kachitidwe kena kamene kamadya anthu ndalama mwakachetechete. Ambiri amawatchera kuti azidziwa okha ngati tsamba lili ndi mtundu. Makinawo sayeza kuti mtunduwo ndi wochuluka bwanji poyerekeza ndi mawu. Akapeza linki yabuluu kapena kalogo pakona, tsambalo likhoza kuwerengedwa kuti ndi la kala, ngakhale kuti zina zonse ndi zilembo zakuda.

Tiyerekeze wophunzira wina wa kukoleji amene wamaliza kulemba lipoti lake la kafukufuku la masamba 80. Tsamba lililonse lili ndi kamzere kabuluu pamwamba, koma magalafu enieni ali pa masamba 6 okha. Mitengo imasiyana malo ndi malo, koma pofuna kuti masamu ayende, tinene kuti tsamba lakuda ndi K100 ndipo la kala ndi K500. Masamba onse akawerengedwa kuti ndi a kala, wophunzirayo alipira K40,000. Onse akakhala otuwa, alipira K8,000. Akasankha kuti masamba 74 akhale otuwa ndipo 6 a magalafu aja akhale a kala, alipira K10,400. Ngati kukoleji akufuna makope atatu, kusiyana kumeneku kumawirikiza katatu.

Wina anganene kuti n'kungouza wa m'shopuyo kuti apulinte zakuda, nkhani yatha. N'zoona, ndipo pa kalata wamba ya tsamba limodzi palibenso chifukwa chovutikira. Mu Adobe Acrobat Reader, pulogalamu yaulere ija, pawindo lopulintira pali kabokosi kolembedwa kuti `Print in grayscale (black and white)`. Koma njira imeneyi imasiya fayilo ili momwemo, ndipo mwini wake amaona zotsatira zake pepala litatuluka kale, ndalama atalipira. Kusintha fayiloyo pasadakhale kumamupatsa mpata woona tsamba lililonse pa sikirini monga mmene lidzatulukire, n'kukonza zolakwika asanawononge pepala.

Kufiira ndi kubiriwira zikasanduka chimodzi

Cholakwika chachikulu chimaoneka pa magalafu. Kompyuta ikamasintha mtundu kukhala wotuwa, imangotenga kuwala kwa mtunduwo n'kutaya zina zonse. Kuwalako imakuyeza pa muyezo woyambira 0, kumene kuli kuda bii, kufika 255, kumene kuli kuyera mbee. Mitundu itatu ija sailemera mofanana, chifukwa diso la munthu limaona kubiriwira kukhala kowala kwambiri ndipo buluu kukhala wodera. Kawerengedwe kofala kamapereka pafupifupi magawo 59 pa 100 kwa kubiriwira, 30 kwa kufiira ndi 11 kwa buluu:

```
Y = 0.299 R + 0.587 G + 0.114 B
```

Mwa kawerengedwe kameneka, kufiira kwenikweni kumasanduka 76. Kubiriwira kodera, kumene G yake ndi 128 ndipo R ndi B zili pa 0, kumasanduka 75. Pa sikirini mitundu iwiriyi imasiyana kutalitali, koma papepala lotuwa palibe diso lingasiyanitse 76 ndi 75. Ngati wophunzira uja anajambula zokolola za chimanga ndi mzere wofiira, za mtedza ndi mzere wobiriwira wodera, mphunzitsi wake adzaona mizere iwiri yofanana ikupingasana, osadziwa kuti wa chimanga ndi uti. Mapulogalamu ena amawerengera mosiyanako pang'ono, koma vutolo silichoka: mitundu yowala mofanana imasanduka chinthu chimodzi.

Palinso zina ziwiri. Chikasu chimasanduka 226, kufupi kwambiri ndi kuyera kwa pepala, choncho mzere wachikasu kapena mawu achikasu amazimiririka. Buluu weniweni amasanduka 29, kufupi ndi kuda, choncho zilembo zakuda zolembedwa m'bokosi labuluu siziwerengeka.

Mankhwala ake sali mu PDF, ali m'fayilo yoyambirira ya Word kapena Excel. Mzere umodzi ukhale wathunthu, wina wa timadontho, wina woduladula. Pa galafu ya timizati, wina ukhale wowala, wina wodera kwambiri, kapena ukhale ndi timizere m'kati. Dzina la mzere lilembedwe pafupi ndi mzerewo m'malo mwa kabokosi kofotokoza mitundu kumbali. Ndipo chiganizo chonga "onani mzere wofiira" m'kati mwa lipoti chiyenera kusinthidwa, chifukwa papepalapo sipadzakhala chofiira chilichonse. Galafu ikakanika kukonzeka, monga mapu okhala ndi mitundu isanu ndi itatu, tsamba limenelo ndi loyenera kulipirira kala.

Kasinthidwe kake

Amene ali ndi kompyuta ya Mac ali ndi njira yachidule. Atsegule fayilo mu Preview, asankhe `File`, kenako `Export`, ndipo pa `Quartz Filter` asankhe `Gray Tone`. Pamndandanda womwewo pali `Black & White`, koma imeneyo ndi ina: imachotsa maonekedwe onse apakati n'kusiya kuda ndi kuyera kokha, moti nkhope ya munthu pachithunzi imasanduka mabanga.

Mu Adobe Acrobat Pro, pulogalamu yolipira, ntchitoyi ili pa `Print Production`, pansi pa `Convert Colors`. Pamalo olembedwa `Conversion Profile` amasankha `Gray Gamma 2.2` kapena `Dot Gain 20%`, kenako n'kuuza pulogalamuyo masamba oti isinthe. Ubwino wake ndi umenewo: munthu akhoza kusintha masamba ena n'kusiya ena ali ndi mitundu yake.

Njira yaulere yogwira pa Windows, Linux ndi Mac ndi Ghostscript, pulogalamu yakale imene L. Peter Deutsch anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980 ndipo pano ikusamalidwa ndi kampani ya Artifex. Ilibe mabatani. Munthu amalemba lamulo pawindo la malamulo, ali m'foda imene muli fayiloyo:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -sColorConversionStrategy=Gray -dProcessColorModel=/DeviceGray -o yotuwa.pdf lipoti.pdf
```

Lamuloli limawerenga `lipoti.pdf` n'kulemba fayilo yatsopano yotchedwa `yotuwa.pdf`. Pa Windows, m'malo mwa `gs` amalemba `gswin64c`. Dzina la fayilo yotuluka liyenera kusiyana ndi la yolowa, apo ayi fayilo yoyambayo imaonongeka. Ubwino wa Ghostscript ndi woti zilembo zimakhalabe zilembo: munthu akhoza kufufuzamo mawu, kukopera ndime, ndipo zimatuluka zakuthwa bwino papepala.

Apa ndi pamene mawebusaiti ndi mapulogalamu ena a pafoni amapunthwira. Ena amasintha mtundu pojambula tsamba lililonse kukhala chithunzi. Fayilo imaoneka yotuwa ndithu, koma zilembo zimafooka m'mphepete, kufufuza mawu kumakanika, ndipo fayiloyo imalemera kuposa poyamba. Kuzindikira kwake n'kosavuta: munthu ayese kusankha liwu limodzi ndi mausi kapena chala. Ngati poyamba zimatheka koma tsopano zikukanika, tsambalo lasanduka chithunzi. Komanso kugwiritsa ntchito webusaiti kukutanthauza kutumiza fayilo yonse ku kompyuta ya eni webusaitiyo. Chiphaso, sitetimenti ya kubanki ndi mapepala a kuchipatala si zoti zizipita kumeneko.

Kutsimikiza kuti mtundu wachokadi

Maso amanama. Tsamba likhoza kuoneka lakuda ndi loyera pa sikirini, koma m'kati mwa fayilo kudako kunalembedwa ngati kusakaniza kwa mitundu itatu, ndipo mapulinta ena amakupanga pothira inki zonse zinayi. Ghostscript ili ndi njira yoonera zimenezi tsamba ndi tsamba:

```
gs -q -o - -sDEVICE=inkcov yotuwa.pdf
```

Pa tsamba lililonse pamatuluka mzere wa manambala anayi, motsatana C, M, Y ndi K, wooneka chonchi:

```
0.00000  0.00000  0.00000  0.04231 CMYK OK
```

Manambala atatu oyambirira akakhala ziro, tsambalo likufuna inki yakuda yokha. Mzere wa 14 ukaonetsa nambala ina pamalo amenewo, ndiye kuti tsamba 14 likadali ndi mtundu. Mu Acrobat Pro ntchito yomweyi imachitika ndi `Output Preview`.

Ngakhale fayilo itayera chonchi, pulinta yaing'ono ya inki ya kunyumba ili ndi khalidwe lakelake. Yambiri imasakaniza inki za kala kuti zithunzi zotuwa zituluke zosalala. Pa mapulinta ambiri a HP, mwachitsanzo, pali kusankha pakati pa kutuwa kwapamwamba ndi `Black Ink Only`, ndipo yachiwiriyi ndi imene imasunga katiriji ya kala. Mapulinta a inki amagwiritsanso ntchito kala pang'ono podziyeretsa, ndipo ena amakana kugwira ntchito katiriji imodzi ya kala ikatha. Ndi chifukwa chake inki yachikasu imatsika ngakhale kwa munthu amene amangopulinta makalata.

Kutuwa sikutanthauzanso kuti tona idyeka pang'ono. Chiwerengero cha masamba chimene opanga mapulinta akuda amalemba pa katiriji ya tona chimachokera pa tsamba loyesera limene inki imaphimba pafupifupi magawo 5 pa 100 a pepala. Masilaidi a PowerPoint okhala ndi buluu wodera kumbuyo ndi zilembo zoyera akasinthidwa kukhala otuwa, pafupifupi pepala lonse limada, ndipo tsamba limodzi limadya tona ya masamba ambiri. Oterewa ndi bwino kuwakonzera mu PowerPoint momwemo, posankha `Grayscale` kapena `Pure Black and White` pawindo lopulintira, chifukwa pamenepo kumbuyo kwa silaidi nthawi zambiri kumasanduka koyera ndipo zilembo zimada.

Kodi fayilo ipepukadi?

Yankho lili pa zimene zili m'kati. PDF, imene kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1993, imasunga zinthu za patsamba m'njira ziwiri. Zilembo, mizere ndi magalafu ochokera mu Word kapena Excel zimasungidwa ngati malangizo: lemba liwu ili apa, ndi kalembedwe aka, mtundu wake uwu. Kusintha mtundu pamenepa n'kungosintha manambala ochepa. Lipoti la mawu okhaokha lolemera 400 KB lidzalemerabe chapompo likasanduka lotuwa.

Zithunzi ndi masamba opangidwa sikani ndi nkhani ina. Izi zimasungidwa ngati timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi nambala yake. Tsamba la A4 lopangidwa sikani pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, limakhala ndi timadontho 2,480 m'mbali ndi 3,508 kutsika, tonse pamodzi pafupifupi 8.7 miliyoni. Pa kala, kadontho kalikonse kamafuna manambala atatu, ndipo tsambalo lisanapanikizidwe limalemera pafupifupi 26 MB. Likakhala lotuwa, kadontho kamafuna nambala imodzi, ndipo limatsika kufika 8.7 MB. Likakhala lakuda ndi loyera kokha, limangopitirira pang'ono 1 MB.

Poona manambalawa munthu angayembekezere kuti fayilo yake ipepuka katatu. Kawirikawiri sizitero, chifukwa zithunzi za mu PDF zimakhala zitapanikizidwa kale, zambiri mwa njira ya JPEG. Njira imeneyi imasamala kwambiri kuwala ndi kuda kwa chithunzi, ndipo mitundu imaisunga mochepa kale podziwa kuti diso silimaona kusiyanako. Pochotsa mitunduyo, munthu amachotsa gawo limene linali laling'ono kale. Fayilo imapepuka, koma pang'ono. Nthawi zina imalemeranso, pulogalamu ikamasula chithunzi n'kuchipanikizanso mosamala kuposa poyamba.

Chimene chimapepuza fayilo kwenikweni ndi kuchepetsa timadontho. Kuchoka pa 300 dpi kufika pa 150 dpi kumadula timadontho pakati m'mbali ndi pakati kutsika, choncho pamatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu Ghostscript zimenezi zimachitika poonjezera mawu amodzi pa lamulo lija:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -sColorConversionStrategy=Gray -dProcessColorModel=/DeviceGray -dPDFSETTINGS=/ebook -o yopepuka.pdf lipoti.pdf
```

Apa `/ebook` imatsitsa zithunzi zikuluzikulu kufika pa 150 dpi. Palinso `/screen`, imene imatsitsa kufika pa 72 dpi, ndi `/printer`, imene imasiya 300 dpi. Pa fayilo yotumiza pa imelo kuti munthu awerenge, 150 dpi imakwana, ndipo imathandiza pamene fayilo ikukanika kulowa mu Gmail, imene malire ake ndi 25 MB, kapena pamene bandulo yatsala pang'ono. Koma 72 dpi imaononga zilembo zing'onozing'ono za patsamba la sikani, monga manambala a pa lisiti.

Kwa wophunzira uja, zikutanthauza kuti masamba ake a mawu sangapepuke mwa njira iliyonse. Ngati lipoti lake likulemera kwambiri, kulemerako kuli pa zithunzi za m'munda zimene anajambula ndi foni, ndi pa makalata ndi mafomu a mafunso amene anapanga sikani n'kuika kumapeto. Amenewo ndiwo ofunika kuwatsitsa. Ndipo amene sanapange sikani angadzichepetsere ntchito posankha `Grayscale` pa makinawo kuyambira pachiyambi, pa 200 kapena 300 dpi. Kusankha `Black & White` kumapepuza kwambiri, koma kumameza zolembedwa ndi pensulo ndi zidindo zofooka.

Mafayilo osayenera kuwakhudza

Mtundu ukachoka subwereranso, monga ufa subwerera kukhala chimanga. Fayilo yotuwa ilibe posungira kuti mzere uja unali wofiira. Choncho yoyambirira iyenera kusungidwa padera, ndi dzina losasokoneza.

Pali mafayilo ena amene kusinthaku kumawaononga. PDF yosainidwa ndi siginecha ya pakompyuta, imene imatsimikiza kuti palibe wasintha kanthu, imataya chitsimikizo chimenecho ikalembedwanso. Fomu yokhala ndi mabokosi olembamo ikhoza kutuluka mabokosiwo atauma, osalembekanso, choncho iyenera kudzazidwa kaye. Satifiketi, chiphaso kapena kalata yokhala ndi chidindo chabuluu kapena chofiira nthawi zina imafunidwa ya kala ndi amene akuilandira, ndipo n'kofunika kuwerenga malangizo awo musanasinthe. Fayilo yotsekedwa ndi pasiwedi imafuna pasiwediyo kaye.

Wophunzira uja, akatsata zonsezi, amapita kushopu ndi mafayilo awiri pa fulashi: yotuwa ya masamba 74 ndi ya kala ya masamba 6 a magalafu, iliyonse ndi dzina lonena chimene ili. Asananyamuke amatsegula yotuwayo n'kuyang'ana galafu, tebulo ndi chithunzi chilichonse chimene chatsalamo. Akafika, amapempha kuti atulutse kaye tsamba limodzi lokha, lija lokhala ndi chithunzi chodera kwambiri, chifukwa papepala zithunzi zimakonda kuda kuposa mmene zimaonekera pa sikirini. Likatuluka bwino, ena onse atsatire. Likada kwambiri, chithunzicho chiwalitsidwe m'fayilo yoyambirira, PDF ipangidwenso, ndipo ndalama imene yapita ndi ya tsamba limodzi.